Khadi la sikelo lalembedwa PRO, LEU kapena BLD: zochita musanameze mankhwala aliwonse

Tsiku la sikelo pa kiliniki yathu mzere umayamba 6 koloko isanakwane, ndipo pofika 9 koloko patebulo panga pamakhala patadzaza timabotolo ta mkodzo, tina tavalidwa m'pepala, tina m'ngodya ya chitenge chifukwa mwiniwake akuchita manyazi kuyenda nako poyera. Ine ndine mzamba, ndagwira ntchito m'makomboni a Lusaka muno kwa zaka ndithu, ndipo chimene ndimachiona mobwerezabwereza ndi ichi: nasi waviika kapepala koyezera kaja mu mkodzo, walemba `LEU 2+` kapena `PRO 1+` pa khadi, kutanthauza maselo oyera kapena pulotini, nthawi zina `BLD` kutanthauza magazi, mayi wangomva mawu amodzi oti "mkodzo wanu suli bwino", ndiye potuluka pa geti wakhotera ku kemisiti kukagula makapisozi. Zikatero ndiye kuti ntchito yonse yawonongeka. Ndikufuna ndikuyendetseni pang'onopang'ono kuchokera pa kapepala kaja mpaka ku labu, kuti mudziwe chimene chikufunika lero lomwe ndi chimene chingadikire masiku awiri atatu.

Ndigwiritsa ntchito nkhani ya mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa kwathu, mimba yachiwiri, masabata 24. Anabwera ali bwinobwino, akuseka ndi anzake pa benchi, palibe pomwe pankamupweteka. Mkodzo anautengera kunyumba m'kabotolo komwe munali mankhwala a chifuwa a mwana, anati anakatsuka. Zotsatira zinatuluka motere: maselo oyera 2+, pulotini 1+, magazi pang'ono chabe zomwe timalemba `trace`, naitiraiti palibe. Atandiona ndikulemba anafunsa, "Ba sista, manje ndiye kuti ndili ndi matenda bwanji poti ine sindimva kalikonse?"

Choyamba, dziwani kuti kapepala kaja ndi chiyani

Timakatchula dipisitiki. Ndi kapulasitiki kakang'ono kokhala ndi timabokosi tamitundumitundu, kabokosi kalikonse kali ndi mankhwala ake omwe amasintha mtundu akakumana ndi chinthu chimodzi. Timakaviika mu mkodzo kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, kukachotsa, kukapukuta m'mbali kuti mitundu isasakanikirane, kenako kuyerekeza ndi tchati chomwe chili pa botolo lake. Timabokosi tambiri timawerengedwa pa masekondi 60, koma ka maselo oyera kamafuna mphindi 2 pa mitundu yambiri ya mapepalawa. Ukafulumira kuwerenga uphonya maselo oyera, ukakasiya patebulo mphindi 10 chifukwa wina wakuyitana ku leba, mitundu imapitiriza kusintha yokha ndipo zomwe uwerengezo ndi zabodza. Botolo la mapepalawa likamasiyidwa losatseka, makamaka nyengo ya mvula, kabokosi ka naitiraiti kamayamba kufiirira kasanakhudze n'komwe mkodzo. Izi ndikunenera anzanga ogwira ntchito, koma inunso amayi muli ndi ufulu wofunsa ngati zotsatira zikukudabwitsani.

Chachikulu n'chakuti dipisitiki siona kachilombo. Imaona zizindikiro zoti mwina kachilombo kadutsapo, ngati mapazi a nkhuku pa ufa woyanika. Mapaziwo sakuuzani kuti nkhukuyo ndi ya ndani, komanso nthawi zina nkhuku imadya ufa osasiya phazi.

Chachiwiri, pakakhala pulotini, yambani ndi bipi

Apa ndi pomwe sindifuna munthu asokoneze. Pulotini mu mkodzo wa mayi woyembekezera ili ndi nkhani ziwiri zosiyana. Ikhoza kubwera chifukwa cha zinthu zazing'ono, monga mkodzo wosakanikirana ndi chikazi, mkodzo wokhuthala chifukwa munthu sanamwe madzi kuyambira m'mawa ali pa mzere, kutentha thupi, kapena matenda a m'chikhodzodzo omwewo. Koma ikhozanso kukhala chizindikiro cha piriekilampusiya, vuto lomwe bipi imakwera mimba ikadutsa masabata 20 ndipo impso zimayamba kutaya pulotini. Limeneli silichedwa, likhoza kufika pa kukomoka ngati khunyu, ndipo silichizidwa ndi makapisozi ngakhale pang'ono.

Ndiye mukaona `PRO` ndi pulasi pa khadi lanu, yang'anani pomwe alemba bipi ya tsiku lomwelo. Ngati sanakuyezeni, musachoke, pemphani. Mukhale pansi kaye mphindi 5, mkono uli pa tebulo, osati kuyezedwa mukupuma wefuwefu mutangotsika minibasi. Malire ake ndi 140/90. Nambala iliyonse mwa ziwirizi ikafika pamenepo kapena kupitirira, timayezanso, ndipo ikakhalabe pamwamba pamodzi ndi pulotini 2+ kapena kuposa, timaganiza za piriekilampusiya mpaka titatsimikiza kuti si iyo. Ikafika 160/110 ndiye palibenso zodikira, ndi nkhani ya ambulansi.

Mapulasi aja ali ndi tanthauzo: 1+ ndi pafupifupi mamiligalamu 30 pa desilita, 2+ ndi 100, 3+ ndi 300. Koma poti dipisitiki imatengera kukhuthala kwa mkodzo wa nthawi imeneyo, ku chipatala chachikulu amatsimikiza ndi njira ina, kusonkhanitsa mkodzo wa maola 24 n'kuona ngati pulotini yafika mamiligalamu 300, kapena kuyeza pulotini poyerekeza ndi kiriyatinini, chinthu chomwe impso zimataya mu mkodzo nthawi zonse, pa mkodzo umodzi.

Ndikumbuka mtsikana wina wa mimba yoyamba, masabata 34, amene anabwera ndi pulotini 2+ ndipo azakhali ake omwe anamuperekeza anali atagamula kale kuti ndi matenda a mkodzo chabe, ati nawonso ankatero pa mimba zawo. Bipi inali 158/104. Nditamufunsa bwinobwino anavomera kuti mutu wakhala ukumuwawa masiku atatu olo amwe panado, m'maso mukumachita tinyenyezi, ndipo mphete anaivula sabata yatha chifukwa zala zatupa. Ameneyo sitinakambe naye za kalicha, kuyeza kwa ku labu komeretsa tizilombo ta mu mkodzo, tinamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Mutu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka pansi pa nthiti kumanja kapena pamwamba pa mimba, kutupa nkhope ndi manja, zimenezi zikabwera pamodzi ndi pulotini musagone nazo kunyumba.

Mayi wathu wa tomato uja bipi yake inali 116/72, mutu sunkamuwawa, nkhope yosatupa. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi, ndipo pulotini 1+ ija ndinayamba kuikayikira pamodzi ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa kaja.

Chachitatu, tengani mkodzo mwatsopano, ndipo muutenge bwino

Apa ndichedwapo chifukwa zotsatira zambiri zosokoneza zimachokera pano. Mayi woyembekezera amakhala ndi chikazi chambiri kuposa nthawi zonse, zimenezo ndi zachilengedwe, koma m'chikazimo muli maselo oyera, muli pulotini, muli tizilombo tambirimbiri ta pakhungu. Dontho lake likalowa m'botolo, dipisitiki iwonetsa maselo oyera ngakhale chikhodzodzo chili choyera. Komanso mimba ikakula munthu saona zomwe akuchita kumusiko, chimbudzi cha pa kiliniki n'chopanikiza, kunja kuli anthu akugogoda, ndiye ambiri amangotchera botolo kuyambira dontho loyamba n'kutuluka msanga.

Chitani motere. Botolo likhale la ku kiliniki, lotsekedwa, lomwe silinagwirepo ntchito. La kunyumba ayi, olo mutalitsuka ndi sopo, chifukwa sopo wotsalira ndi shuga wa mankhwala zimasokoneza, komanso siloyera mokwanira kuti lipite ku labu. Sambani m'manja. Tsegulani botolo, chotsekera muchiike chagada, zala zisakhudze mkati. Tsukani kumaliseche ndi madzi oyera okha kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, osathira detolo kapena mankhwala ena opha tizilombo, chifukwa akalowa m'botolo apha tizilombo tomwe tikufuna tione. Ndi dzanja limodzi tsegulani milomo ya kumaliseche ndipo muigwire choncho mpaka mumalize. Yambani kukodza m'chimbudzi, mkodzo woyambawo upite, ndi womwe ukutsuka njira. Osasiya kukodza, lowetsani botolo pakati, litenge mpaka theka, kenako lichotseni n'kumalizira m'chimbudzi. Tsekani mwamphamvu, pukutani kunja, onetsetsani kuti dzina lanu ndi nthawi zalembedwa.

Ngati mukutaya magazi kumusi, olo pang'ono, nenani musanatenge mkodzo. Imeneyo ndi nkhani ina payokha yomwe imafuna kuonedwa msanga, komanso ndiyo idzatiuza chifukwa chake kabokosi ka magazi kasintha.

Mkodzo wabwino kwambiri ndi woyamba m'mawa, kapena womwe wakhala m'chikhodzodzo maola 4. Ndikudziwa, kuuza mayi wa miyezi 8 kuti asunge mkodzo maola 4 n'kumuseka, koma chitani zomwe mungathe, ndipo musamwe malita awiri a madzi pa mzere kuti mkodzo ubwere msanga chifukwa umasungunuka kwambiri n'kubisa zinthu.

Mayi uja ndinamupatsa botolo latsopano, ndinamufotokozera zonsezi kuseri kwa katani, anaseka n'kunena kuti, "Ine ba sista zaka zonsezi palibe anandiuzapo kuti woyamba umatayidwa." Atabwera nawo, pulotini inatsika kufika `trace`, magazi anasowa, naitiraiti palibe, koma maselo oyera anatsalabe 1+.

Chachinayi, maselo oyera, naitiraiti ndi magazi zikutanthauzanji

Maselo oyera ndi asilikali a thupi. Akapezeka mu mkodzo wotengedwa bwino ndiye kuti penapake m'njira ya mkodzo pali nkhondo, kawirikawiri ndi mabakiteriya, koma osati nthawi zonse. Mauka, matenda opatsirana pogonana monga kalamidiya ndi chinzonono, timiyala ta mu impso, ngakhale TB ya mu impso, zonsezi zimabweretsa maselo oyera pomwe kalicha wamba sapeza kanthu.

Naitiraiti ndi yosiyana. Mabakiteriya ena, makamaka E. coli amene amachokera m'matumbo ndipo ndiye amayambitsa matenda ambiri a mkodzo, amasandutsa naitireti wochokera mu zakudya kukhala naitiraiti. Ikaoneka pa dipisitiki yabwino, nthawi zambiri mabakiteriya alipodi. Vuto lili poti ikapanda kuoneka sizitanthauza kuti kulibe. Ntchito yosandutsayo imafuna kuti mkodzo ukhale m'chikhodzodzo maola angapo, pomwe mayi woyembekezera amakodza pafupipafupi. Komanso pali mabakiteriya ena omwe sapanga naitiraiti n'komwe, ndipo vitamini C wambiri amatha kuibisa. N'chifukwa chake "naitiraiti palibe" wa mayi uja sanandikhutiritse.

Magazi nawo, funso loyamba ndi lakuti achokera kuti, mu mkodzo kapena ku njira ya chiberekero. Akakhala a mu mkodzodi, chifukwa chofala ndi matenda a m'chikhodzodzo omwewo. Koma ine ndimafunsanso komwe munthu anakulira ndi komwe wapita posachedwapa. Ambiri a ife kuno tili ndi kumudzi ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi, ena kutsidya ku Malawi m'mbali mwa nyanja, ndipo amene ankachapa ndi kusamba m'madambo ndi m'mitsinje akhoza kukhala ndi likodzo kwa zaka osadziwa. Likodzo silimera pa kalicha, mazira ake amawaona pa maikulosikopu, ndipo mkodzo wabwino wofufuzira ndi wa masana, cha m'ma 10 koloko mpaka 2 koloko, makamaka madontho omalizira. Mankhwala ake ndi ena, purazikwanteo, ndipo adokotala ndi amene amaona nthawi yoyenera kuupereka pa mimba.

Chachisanu, chifukwa chake kalicha imatsatira ngakhale simukumva kupweteka

Mayi wosayembekezera akakhala ndi mabakiteriya mu mkodzo koma sakumva kalikonse, nthawi zambiri timamusiya, thupi limathana nazo lokha. Woyembekezera sitimusiya. Mimba imasintha mapaipi. Homoni ya pulojesiteroni imafewetsa timachubu tomwe timatsitsa mkodzo kuchokera ku impso kupita ku chikhodzodzo, ndiye timakula n'kuchita ulesi, kwinaku chiberekero chikutipanikiza, makamaka ka kumanja. Mkodzo umayenda mochedwa, wina umatsalira, wina umabwerera m'mwamba. Madzi oima mukudziwa mmene amachitira m'ngalande za m'komboni nthawi ya mvula.

Pa amayi oyembekezera 100 aliwonse, pakati pa 2 ndi 10 amakhala ndi mabakiteriya mu mkodzo popanda chizindikiro chilichonse. Akasiyidwa osachizidwa, pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse matendawo amakwera kufika ku impso. Ndipo matenda a impso pa mimba si masewera, munthu amatentha thupi, kunjenjemera mano kugundana, kusanza, amagonekedwa ndi diripi, tizilombo tikhoza kulowa m'magazi, ndipo kubereka kukhoza kuyamba masiku asanakwane mwana n'kubadwa wochepa thupi. Zonsezi zimapewedwa ndi mankhwala a sabata imodzi, bola akhale oyenera.

Apa ndi pomwe kalicha imabwera. Ku labu amatenga kadontho koyezedwa ka mkodzo wanu, kukapaka pa mbale yokhala ndi chakudya cha mabakiteriya, n'kuika m'makina otentha ngati thupi la munthu, madigiri 35 mpaka 37, usiku wonse. M'mawa amaona ngati chamera, amawerenga kuchuluka kwake, amazindikira mtundu wake, kenako amayesa mankhwala osiyanasiyana pa kachilomboko kuti aone omwe akukapha ndi omwe kakuwaderera. N'chifukwa chake zimatenga masiku 2 kapena 3. Dipisitiki singachite chilichonse mwa zinthu zitatuzi. Malangizo a sikelo a WHO a 2016 amanena kuti njira yoyenera yopezera mabakiteriya obisalawa ndi kalicha ya mkodzo wa pakati, ndipo komwe kulibe kalicha, kuyang'ana pa maikulosikopu atathira utoto kumaposa dipisitiki. Kunena zoona, mayi aliyense amayenera kuchita kalicha kamodzi kumayambiriro kwa sikelo olo dipisitiki ikhale yoyera, kungoti si kiliniki iliyonse yomwe ili ndi labu yotero, ndiye ambiri amatumizidwa pokhapokha kapepala kakaonetsa kanthu.

Funsani nasi kuti kalicha ikachitikira kuti. M'makiliniki ang'onoang'ono ambiri mkodzo umatumizidwa kapena mumapatsidwa fomu yopita nayo ku chipatala chokulirapo, mpaka ku UTH, ena amasankha malabu olipira. Kulikonse komwe mupite, sungani malamulo awiri. Loyamba, mkodzo uperekedwe musanameze mankhwala opha tizilombo, chifukwa ngakhale makapisozi awiri okha akhoza kuletsa kachilombo kumera pa mbale pomwe m'thupi sikanafe. Ngati mwamwa kale, nenani dzina lake ndi tsiku, alembe pa fomu, sitikukalipirani. Lachiwiri, mkodzo ufike ku labu pasanathe maola 2. Ukazungulira nawo m'chikwama tsiku lonse m'tauni kukutentha kwa Okutobala, tizilombo tochepa ta pakhungu timaswana n'kuoneka ngati matenda. Ngati n'kosatheka, usungidwe mu fuliji pa madigiri 4 osapitirira maola 24, osati mu fuliza, ndipo ndi mmene magetsi amazimira muno ine ndimati kuli bwino mutenge botolo lopanda kanthu n'kukakodzera ku labu komweko.

Nanga podikira masiku atatuwo mumwe mankhwala kapena ayi? Zimatengera mmene mukumvera. Ngati mukumva kuwotcha pokodza, kukodza pang'onopang'ono pafupipafupi kuposa masiku onse, kupweteka pachinena, timatenga mkodzo wa kalicha kenako timayambiratu mankhwala tsiku lomwelo, zotsatira zikabwera timaona ngati tisinthe. Ngati simukumva kalikonse, monga mayi wathu uja, timatha kudikira zotsatira. Koma ngati thupi latentha kufika madigiri 38, mukunjenjemera, mukusanza, m'mbali mwa msana pansi pa nthiti mukupweteka, kapena mimba ikumangika pafupipafupi, imeneyo si ya mapilisi a kunyumba, pitani ku chipatala olo pakati pa usiku. Akayezanso malungo chifukwa zizindikiro zake zimafanana, ndipo ndaonapo amayi akumwa mankhwala a malungo ogula okha masiku atatu pomwe vuto lili ku impso.

Chachisanu ndi chimodzi, kuwerenga pepala la ku labu

Mayi uja anabwera Lachisanu ndi pepala lake litapindidwa kanayi. Mzere wofunika unali wotere:

```
E. coli >100 000 CFU/mL
Amoxicillin R
Co-trimoxazole R
Nitrofurantoin S
```

Nambala ija ikutanthauza kuti pa mililita imodzi ya mkodzo pamera tizilombo toposa 100 000 ta mtundu umodzi, ndiwo malire omwe timati awa ndi matenda enieni kwa munthu wopanda zizindikiro. Chilembo `R` chikutanthauza kuti kachilomboko sikamva mankhwala amenewo, `S` ndiye kuti amakapha. Taonani bwino: amokisilini, makapisozi omwewo omwe anzake pa msika anamuuza kuti akagule, anali pa `R`. Akanamwa sabata yonse, kutaya ndalama ya tomato, n'kumaganiza kuti wachira pomwe E. coli akukwera masitepe kupita ku impso. Ndinamuonetsa ndi chala, anangoti "mayo ine" n'kugwira pakamwa.

Mukhozanso kupeza `mixed growth`, kutanthauza kuti pamera mitundu yambiri yosakanikirana. Kawirikawiri ndi mkodzo womwe unaipitsidwa potenga kapena unachedwa kufika, si matenda ndipo si umboni woti mulibe, muyenera kubwereza. Pakalembedwa `no growth` ndiye kuti palibe chamera. Ngati maselo oyera akupitirirabe kuoneka pomwe kalicha ndi yoyera ndipo simunamwe mankhwala, timayang'ana kwina, timayeza chikazi, matenda opatsirana pogonana, likodzo, ndipo pamenepo mwina abambo a kunyumba nawonso afunika kubwera.

Pali kachilombo kamodzi komwe mukakaona musataye pepalalo, amalemba `Group B Streptococcus` kapena `GBS`. Kakapezeka mu mkodzo nthawi iliyonse ya mimba, zilembedwe pa khadi ndi zilembo zazikulu, chifukwa tsiku lobereka mumayenera kupatsidwa penisilini wa mu mtsempha matenda akayamba kapena nsupa ikasweka, kuteteza mwana kuti asatenge pobadwa. Mukafika ku leba nenani nokha, musadalire kuti wina awerenga khadi lonse 2 koloko usiku.

Chachisanu ndi chiwiri, mankhwala ndi kubweranso

Mayi uja analemberedwa naitirofurantoini wa masiku 7. Ndinamuchenjeza zinthu ziwiri, kuti azimwa atadya chifukwa amachititsa nseru, ndi kuti mkodzo ukhoza kusanduka wachikasu chodera ngati tiyi, asadabwe. Mankhwala amenewa ndi abwino pakati pa mimba, koma timawapewa mimba ikayandikira kumapeto, cha pa masabata 36 kupita m'tsogolo, chifukwa akhoza kuwononga maselo ofiira a mwana, komanso sagwira ntchito matenda akafika ku impso chifukwa amangodzaza mu mkodzo, salowa mokwanira m'minofu. Pamenepo adokotala amasankha ena monga sefalekisini, kapena sefitiriakisoni wa jakisoni kwa wogonekedwa. Sipuro ndi dokisi, omwe anthu amagulitsana mosavuta, pa mimba ayi. Seputirini, yemwe pa pepala lija alemba `Co-trimoxazole`, nayenso si womwa mwachisawawa, makamaka miyezi itatu yoyamba ndi kumapeto. Amayi omwe ali pa ma ARV ndipo anapatsidwa seputirini ku kiliniki kuti azimwa tsiku lililonse, imeneyo ndi nkhani ina, pitirizani monga anakuuzirani, koma musaganize kuti ndiye wachiza kale matenda a mkodzo, mwaona pa pepala lija kuti analinso pa `R`.

Malizani masiku onse 7. Wopanda zizindikiro ndi amene amasiyira panjira kwambiri chifukwa palibe chomwe chikumukumbutsa, ndiye ndimawauza kuti amange nthawi ya mankhwala ku chinthu chomwe saiwala, monga tiyi wa m'mawa ndi nsima ya madzulo ngati ndi omwa kawiri pa tsiku, ndipo ngati alembedwa kanayi atchere alamu pa foni. Imwani madzi okwanira kuti mkodzo uzioneka woyera, musamasunge mkodzo chifukwa choopa kulipira chimbudzi cha pa msika kapena kusiya katundu yekha, mukachoka kuchimbudzi pukutani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo mukagona ndi abambo kakodzeni.

Pakatha sabata imodzi kapena awiri mutamaliza mankhwala, kalicha ibwerezedwe. Gawo ili ndi lomwe limaiwalika, ngakhale ndi ife omwe. Dipisitiki yoyera siikwanira kunena kuti kachilombo katha, mwaona kale kuti naitiraiti inakana kuoneka pomwe E. coli anali wodzaza. Matendawa amakonda kubwerera pa mimba yomweyo, ndipo akabwera kawiri katatu adokotala amatha kukuikani pa mlingo wochepa wa tsiku lililonse mpaka pafupi ndi kubereka. Mayi wathu anabwera pa masabata 27 ndi pepala lachiwiri lolembedwa `no growth`, bipi 118/74, pulotini palibe. Ndinalemba pa khadi lake ndi bolopeni yofiira kuti anali ndi E. coli pa masabata 24, mankhwala omwe anamva ndi omwe anakana, kuti aliyense womuona m'tsogolo asayambirenso pa amokisilini. Potuluka anabwerera pa chitseko n'kupempha botolo lina lopanda kanthu, ati la mng'ono wake amene wangoyamba sikelo ndipo nayenso amatengera mkodzo kunyumba m'kabotolo ka mafuta odzola.